Wopulumutsa mnzake akavulala, alipire ndani?

Ku England, khoti linayankha funsoli mu 1934, pa mlandu wa Haynes ndi Harwood.

Wantchito wina anasiya ngolo ya mahatchi awiri mumsewu wodzaza anthu, popanda woyang'anira. Kamnyamata kanagenda mahatchiwo ndi mwala, iwo n'kuyamba kuthamanga. Wapolisi Haynes ataona kuti apondereza mayi ndi ana, anathamangira kukawagwira. Anawaimitsa ndithu, koma anavulala kwambiri.

Eni ngolo anakana kulipira. Iwo amati wapolisiyo anadziponya yekha pangozi, komanso wolakwa ndi kamnyamata kaja.

Khoti silinavomere. Wosiya mahatchi pamene pali ana ayenera kudziwa kuti ana amachita zibwana. Ayeneranso kudziwa kuti ngozi ikabuka, wina adzathamangira kukathandiza. Choncho amene wayambitsa ngozi mosasamala ali ndi mlandu kwa wopulumutsayo, osati kwa wopulumutsidwa yekha ayi. Eni ngolo analipira.

Komatu ngoziyo iyenera kukhala yeniyeni. Mu 1933, bambo wina dzina lake Cutler anavulala pothandiza kugwira hatchi imene inathawira m'munda. Mmenemo munalibe munthu woti n'kupondedwa, ndiye Cutler sanalandire kanthu.