Kaulendo ka matirikisi 16: pamene kuchulukitsa kunasiya kumvera malamulo a kusukulu

Mwana wa pulayimale amadziwa kuti 3 kuchulukitsa ndi 5 n'chimodzimodzi 5 kuchulukitsa ndi 3. Amadziwanso kuti manambala awiri akachulukitsidwa n'kupereka ziro, imodzi mwa iwo ndi ziro. Pali kagulu ka zinthu 16 zokha, kokwana pa tsamba limodzi la kope, momwe malamulo awiri onsewa amagwa. Zidutswa zake zinachokera kwa anthu osiyanasiyana, pa zaka zoposa 100.

Chidutswa choyamba chinachokera kwa Carl Friedrich Gauss wa ku Jeremani, amene mu 1801 anakhazikitsa bwino masamu a zotsala. M'masamu amenewa, nambala imayimiridwa ndi chotsala chake ikagawidwa ndi nambala ina yosankhidwa. Tikasankha 2, timatsala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo 1 + 1 = 0, chifukwa 2 akagawidwa ndi 2 palibe chotsala. Évariste Galois wa ku Furansa anawonjezera pa ntchitoyi mu 1830, zaka ziwiri asanamwalire ali ndi zaka 20.

Chidutswa chachiwiri chinabwera modzidzimutsa. Pa 16 Okutobala 1843, ku Dublin, William Rowan Hamilton anatulukira makwateniyoni, manambala amene yankho lake limasintha ukasinthanitsa choyamba ndi chachiwiri pochulukitsa. Komabe makwateniyoni anasunga lamulo lina lija: aliyense kupatula ziro ali ndi mnzake womubweza, ndiye kugawa kumatheka. Kenako James Joseph Sylvester anatcha kabokosi ka manambala dzina lakuti matirikisi mu 1850, ndipo mu 1858 mnzake Arthur Cayley anaonetsa mmene matirikisi amaphatikizidwira ndi kuchulukitsidwira ngati manambala paokha. Iye anaona kuti nawonso salola kusinthanitsa.

Tsopano tiike ziwirizi pamodzi. Titenge kabokosi ka mizere iwiri yopingasa ndi iwiri yotsika, ndipo m'malo anayi aja tiziikamo 0 kapena 1. Njira zake ndi 2 × 2 × 2 × 2, zomwe ndi 16. Popeza tingathe kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa popanda kutuluka m'gululi, akatswiri amalitcha ringi. Nawa matirikisi awiri ndi zotsatira zake:

```
A = [1 1]   B = [1 0]   AB = [0 1]   BA = [1 1]
    [0 1]       [1 1]        [1 1]        [1 0]
```

Kuti tipeze nambala ya pamwamba kumanzere mu AB, titenga mzere wopingasa woyamba wa A, womwe ndi 1 ndi 1, ndi mzere wotsika woyamba wa B, womwenso ndi 1 ndi 1. Tichulukitsa awiriawiri n'kuphatikiza: 1 + 1, yankho 0. Mu BA mzere woyamba wa B ndi 1 ndi 0, wotsika wa A ndi 1 ndi 0, yankho 1. Pa malo oyamba pomwe, AB ndi BA zasiyana kale.

A ndi B ndi mayuniti, kutanthauza kuti aliyense ali ndi matirikisi yomubweza ku I, ija yokhala ndi 1 pamwamba kumanzere ndi pansi kumanja, 0 m'malo enawo. A imadzibweza yokha, pakuti AA = I. Kuwerenga mayuniti onse sikovuta. Mzere woyamba usakhale wa maziro okhaokha, choncho pali njira 3. Wachiwiri usakhale wa maziro komanso usafanane ndi woyamba, zatsala njira 2. Mayuniti ndi 6. Camille Jordan, m'buku lake la mu 1870, anawerenga magulu oterewa pa nambala iliyonse yosagawika, ndipo lathuli ndi laling'ono zedi pakati pawo.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi ntchito ya mayunitiwa. Pali timizere titatu totsika tosakhala ziro: (1,0), (0,1) ndi (1,1). Yuniti iliyonse ikatichulukitsa imangotisinthanitsa malo, monga anthu atatu osinthana mipando itatu, ndipo njira zokhalira anthu atatu pa mipando itatu ndi 6 ndendende. A imasiya (1,0) pamalo pake n'kusinthanitsa tiwiri tinato. B imasiya (0,1). Mayuniti atatu amasinthanitsa tiwiri, awiri amazungulitsa tonse titatu, ndipo I sisuntha kanthu. Apa m'pamene pagona chifukwa chake AB ndi BA zimasiyana: zonse zimazungulitsa, koma imodzi imazungulitsira uku, inayo mobwerera.

Tikachotsa mayuniti 6 ndi ziro, atsala 9. Onsewa ndi ogawa ziro: aliyense ali ndi matirikisi ina yosakhala ziro imene akachulukitsana nayo zimatuluka ziro. Powazindikira, ngati manambala ndi a, b pamwamba ndi c, d pansi, werengani ad + bc. Yankho likakhala 1 muli ndi yuniti, likakhala 0 mulibe.

```
E = [1 0]   F = [0 1]   N = [1 1]
    [0 0]       [0 0]       [1 1]

EF = F      FE = 0      NN = 0
```

E ndi F zikuphwanya malamulo awiri aja nthawi imodzi: mbali ina zikupereka F, mbali ina ziro. N ikadzichulukitsa yokha, pa malo aliwonse pamatuluka 1 + 1, ndiye yonse imafafanizika. Mwa 9 aja, atatu amachita ngati N, ndipo 6 amachita ngati E, imene ikadzichulukitsa imabwerera momwe inalili. Benjamin Peirce wa ku Harvard ndiye anapatsa mitundu iwiriyi mayina mu 1870.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Poona EF = F, dzanja limafuna kufufuta F mbali zonse n'kunena kuti E = I, koma E si I. Kufufuta kumaloledwa pokhapokha chofufutidwacho chili yuniti. Ndiponso mayuniti awiri akaphatikizidwa sapereka yuniti nthawi zonse: A + I = F.

Funso n'lakuti, kodi sipangapezeke ringi ya zinthu zowerengeka yonga makwateniyoni a Hamilton, yosalola kusinthanitsa koma yopanda ogawa ziro? Joseph Wedderburn wa ku Sikotilandi, ali ku Chicago mu 1905, anayankha kuti ayi, ndipo Leonard Dickson wa pa yunivesite yomweyo anapereka umboni wakewake nthawi yomweyo. Zinthu zikakhala zowerengeka ndipo chilichonse kupatula ziro chili yuniti, kusinthanitsa kumatheka basi. Choncho ogawa ziro 9 aja sanalowemo mwangozi. Popanda iwo, AB sikanasiyana ndi BA. Ngakhale mkati mwa ringi yathuyi lamuloli likuoneka. Titcha AB kuti C. Zinayi izi, 0, I, C ndi CC, zimaphatikizana ndi kuchulukitsana popanda kutuluka, mulibe wogawa ziro, ndipo zonse zimasinthanitsika bwinobwino.

Pa za kukula, ringi ya 16 si yaing'ono koposa mwa zosalola kusinthanitsa. K. E. Eldridge anaonetsa mu 1968 kuti yaing'ono koposa yokhala ndi 1 wakewake ili ndi zinthu 8, ndipo imapezeka mkati mwa yathuyi: matirikisi onse okhala ndi 0 pansi kumanzere, kuphatikizapo A, E ndi F. Koma ya 8 ija ili ndi kachigawo, 0 ndi F, kamene ukakachulukitsa ndi chilichonse cha m'menemo, kumanja kapena kumanzere, sutulukamo. Ya 16 ilibe kachigawo kotero kupatula ziro ndi ringi yonse. Ntchito ya Wedderburn ya mu 1907, pamodzi ndi ya mu 1905 ija, imasonyeza kuti ringi zowerengeka zamtundu wosaphwanyikawu zonse ndi za matirikisi, ndipo mwa zosalola kusinthanitsa palibe yochepera pa 16.