Chikalata chotsimikizira kuti munthu alibe ngongole ya msonkho

Chikalata chotsimikizira kuti munthu alibe ngongole ya msonkho ndi umboni umene bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, mwachidule MRA, limapereka kwa munthu kapena kampani yomwe yakwaniritsa zonse zimene malamulo a msonkho amafuna. Pa mapepala a matenda a boma, kutanthauza zikalata zoitanira amalonda kuti apikisane pa tenda, chimalembedwa ndi dzina loti Tax Clearance Certificate kapena TCC. Chikalatachi sichigulidwa. Chimangoonetsa zimene zili kale m'kaundula wa MRA, choncho munthu amachipeza poyamba wakonza mbiri yake ya msonkho.

Maziko ake m'malamulo

Bungwe la MRA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 ndipo lidayamba ntchito mu 2000. Likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Lamulo la msonkho la Taxation Act limatchula ntchito zimene sizingatheke popanda chikalatachi. Zina mwa izo ndi kugulitsa katundu kapena kugwira ntchito ku boma, kusintha umwini wa malo ndi nyumba, kusintha umwini wa kampani, ndiponso kukonzetsanso ziphaso zina zochitira bizinesi.

Kumbali ya kugula katundu wa boma, lamulo la mu 2017 lidakhazikitsa bungwe la PPDA, lomwe limayang'anira kagulidwe ka zinthu m'maunduna, m'makhonsolo, m'zipatala ndi m'sukulu za boma. Mwa zimene wopikisana pa tenda ayenera kuonetsa, pali umboni woti adakwaniritsa udindo wake wa msonkho.

Chifukwa chake chimafunika

Chifukwa choyamba n'choti ndalama zimene boma limalipira pa tenda zimachokera ku misonkho, ndiye silifuna kuzipereka kwa munthu amene amazemba msonkho womwewo. Chachiwiri ndi chilungamo pa mpikisano: wamalonda wosakhoma msonkho angathe kutchula mtengo wotsika kuposa mnzake wokhoma, n'kumupambana mosayenera. Chachitatu n'choti MRA singafike pa khomo la wamalonda aliyense. Pomangirira chikalatachi ku tenda ndi ku laisensi, wamalonda amapita yekha kukalongosola za msonkho wake panthawi imene akufuna kanthu ku boma.

Pounika tenda, komiti imayamba yaona ngati mapepala onse ofunika alipo isanayang'ane mitengo. Tenda yopanda chikalatachi, kapena yokhala ndi chikalata chotha ntchito, ingathe kugwa pa gawo loyambali ngakhale mtengo wake utakhala wotsika kuposa ena onse.

Njira yochipezera

Poyamba bizinesi imayenera kulembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi makampani. Kenako mwini wake amatenga nambala ya wokhoma msonkho yotchedwa TPIN, yomwe MRA imapereka kwaulere. Polembetsa, MRA imaika mitundu ya misonkho imene ikukhudza bizinesiyo, monga msonkho wa pa phindu, PAYE ngati ili ndi antchito, ndi VAT ngati malonda ake afika pa mlingo umene lamulo limatchula.

Mtundu uliwonse uli ndi lipoti lake ndi tsiku lake. PAYE imaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, lipoti la VAT pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo lipoti la pachaka la phindu limaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha. Malipotiwa amatumizidwa kudzera pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya MRA. Pofuna kulipira, makinawo amatulutsa nambala yotchedwa PRN, yomwe wokhoma msonkho amalipirira ku banki.

Malipoti onse akalowa ndipo ngongole ikatha, wokhoma msonkho amapempha chikalatacho n'kutchula ntchito imene akuchifunira. Ogwira ntchito ku MRA amaunika kaundula wake, ndipo akapeza kuti palibe chotsalira amachitulutsa. Pa chikalatacho pamalembedwa dzina, TPIN ndi tsiku limene chidzathe ntchito.

Chitsanzo cha wamalonda wa ku Mgona

Mgona ndi dera la mumzinda wa Lilongwe lomwe lili pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo ndi Area 25, ndipo limadziwika ndi malonda a mtedza ndi mbewu zina. Malonda ambiri kumeneko amachitika ndi ndalama yapamanja, popanda malisiti. Wamalonda wotere akafuna kuyamba kuperekera nyemba ku sukulu yogonera ya boma kapena ku chipatala, amakumana ndi chikalatachi koyamba.

Mwachitsanzo, kampani yaing'ono ya ku Mgona igulitse mbewu za K40,000,000 pa chaka kwa ogula akuluakulu. Ogula oterewa amadula msonkho wa 3 peresenti pa malipiro a katundu n'kuutumiza ku MRA, ndipo pa malonda amenewa ndalama yodulidwayo ndi K1,200,000. Ngati kugula mbewu, mayendedwe, matumba ndi lendi zidadya K34,000,000, phindu ndi K6,000,000. Msonkho wa kampani wa 30 peresenti pa phindulo ndi K1,800,000. Pochotsera zimene zidadulidwa kale, kampaniyo yatsala ndi K600,000 yoti ilipire.

Eni mabizinesi ambiri amaganiza kuti poti ogula amawadula msonkho ndiye kuti adamaliza. Koma ndalama yodulidwayo ndi gawo chabe lolipiriratu. Ngati kampaniyo sidapereke lipoti la pachaka, kaundula amaonetsa kuti ili ndi chotsalira, ndipo chikalata sichituluka. Ngati lipoti lidaperekedwa koma umboni wa ndalama zodulidwa ukusowa, kapena wogula adalemba TPIN yolakwika, ngongole ingaoneke ngati K1,800,000 yonse m'malo mwa K600,000. N'chifukwa chake satifiketi imene wogula amapereka akadula msonkho imayenera kusungidwa, pamodzi ndi kaundula wa mbewu zogulidwa kwa alimi.

Zimene zimalepheretsa kawirikawiri

Chopinga chofala ndi malipoti osaperekedwa. Bizinesi imene idalembetsa mtundu wina wa msonkho imayenera kupereka lipoti ngakhale m'nyengo imene sidagulitse kanthu, ndipo lipoti lotere limangoonetsa ziro. Amalonda a mbewu, omwe malonda awo amayenda kwambiri pambuyo pa kukolola n'kuzilala m'dzinja, amagwa m'vutoli mosavuta. Kuchedwetsa lipoti kapena malipiro kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja, zomwe nazonso zimawerengedwa ngati ngongole.

Chopinga china ndi kusiyana kwa mayina. Ngati tenda yalembedwa m'dzina la kampani koma chikalata chili m'dzina la mwini wake, komiti ingachikane, chifukwa pa lamulo awiriwa ndi okhoma msonkho osiyana. Amene ali ndi ngongole yaikulu angathe kupempha MRA kuti azilipira pang'onopang'ono, koma bungwelo ndilo limagamula ngati likuvomera.

Malire ake

Chikalatachi chimanena za mmene kaundula adalili pa tsiku limene chidatuluka, ndipo sichiletsa MRA kudzafufuza mabuku a bizinesi pambuyo pake. Sichilowa m'malo mwa laisensi ya Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe kapena kulembetsa ku PPDA. N'chosiyananso ndi chikalata china chimene chimalola wamalonda kulandira malipiro ake osadulidwa msonkho. Kugwiritsa ntchito chikalata chachinyengo ndi mlandu, ndipo wopereka mapepala abodza pa tenda angathe kuletsedwa kuchita malonda ndi boma.