Kaundula wa Malipiro a Dziko ndi Maiko Akunja

Kaundula wa malipiro akunja ndi buku lolembamo ndalama zonse zolowa ndi zotuluka m'dziko. Gawo loyamba, limene akatswiri amati kalenti akaunti, ndi la malonda ndi zopeza za chaka ndi chaka. Mlendo akalipira madola pogona ku Senga Bay, fodya akagulidwa ku okushoni, kapena m'bale wa ku Joni akatumiza marandi, zimalembedwa ngati zolowa. Petulo wa injini ya boti la asodzi, feteleza ndi mankhwala a m'chipatala ndi zotuluka. Gawo lachiwiri, kapito akaunti, ndi la chuma chosintha manja: ngongole, mpamba wa makampani akunja, ndi thandizo lomangira zinthu zokhalitsa. Masiku ano ngongole ndi mpamba amazipatula m'ndime yakeyake, koma mfundo yake ndi yomweyo.

M'zaka zaposachedwa Malawi wakhala akugulitsa kunja katundu wa madola pafupifupi 1 biliyoni pachaka, n'kumagula wa pafupifupi 3 biliyoni. Dzenje limeneli ndilo limagwetsa kwacha. Woitanitsa feteleza salipira makwacha ku fakitale yakunja, amafuna madola. Ofuna madola akachuluka kuposa ogulitsa, Banki Yaikulu imayamba yatapa m'nkhokwe yake. Nkhokwe ikaphwa, zizindikiro zimaoneka poyera: mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta, amalonda odikira miyezi kubanki, ndi mtengo wa dola wa kumsika wamseri wosiyana kutali ndi wa boma. Pamapeto boma limangovomereza zimene msika wanena kale. Zinatero mu Meyi 2012, mu Meyi 2022, ndi mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700.

Ena amati popeza magawo awiriwa amakwanirana nthawi zonse, kuperewera si vuto. Zoona, amakwanirana, koma funso ndi lakuti chakwirira dzenjelo n'chiyani. Taonani malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene kampani ya JCM inatsegula ku Salima mu 2021. Masola ake anachokera kunja, motero anakulitsa kuperewera m'gawo loyamba, koma mpamba wogulira unalowa m'gawo lachiwiri, ndipo magetsi akuyaka mpaka lero. Kuperewera kotere kuli ndi pobwezera, ngakhale phindu la eni ake lidzatulukanso m'madola. Ngongole yogulira mafuta ndi ina: mafuta amapsa sabata yomweyo, ngongole n'kutsala ikubala chiwongoladzanja.

Enanso amati kwacha ikagwa katundu wathu amatchipa kunja, dzenje n'kudzitseka lokha. Kuno mankhwala amenewa amagwira pang'ono, chifukwa mlimi wa thonje kapena nzimbe amadalira feteleza ndi dizilo zogula ndi madola omwewo. Dziko likapanda kuchulukitsa zogulitsa kunja, kwacha idzagwanso.