Kuwongola Nkhope

Ku Nkando ambiri akamva kuti wojambula "wawongola nkhope" amaganiza kuti wachotsa makwinya. Ayi ndithu, uko ndi kusalalitsa. Kuwongola, monga timachitira ndi msomali wokhota, ndiko kuimika chopendekeka.

Tinene kuti mwapita kwa wojambula pamsika kuti aike agogo pa chithunzi cha ukwati. Asanamate mutuwo, amalemba mzere wolumikiza maso awiri, n'kutembenuza mutu mpaka mzerewo upendekeke mofanana ndi wa nkhope yapansi. Kenako amakulitsa kapena kuchepetsa mutuwo kuti mpata wa pakati pa maso ufanane, n'kuona ngati mphuno ndi chibwano zagwera pamalo pake. Akalumpha zimenezi, khosi limaoneka lothyoka. Koma nkhope yoyang'ana kumbali siiwongoka potembenuza. Pamafunika chithunzi china.