Kuweta nkhuku zoyera 100: ndalama zolowa, tsiku logulitsa ndi pamene phindu limathawira

Nkhuku zoyera za nyama, zimene ambiri m'chigawo cha Tete amazitcha frangu, zimabweza ndalama msanga kuposa ziweto zambiri. Mwanapiye wa tsiku limodzi akamadya bwino amafika pogulitsidwa pa masiku 35 mpaka 42, atalemera makilogalamu pafupifupi awiri. Choncho mlimi wa ku Ulongwe, Domwe kapena Tsangano amene walandira anapiye lero amayamba kugwira ndalama pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Koma phindu pa nkhuku imodzi ndi lochepa, ndipo limatha mosavuta nkhuku zikachedwa kutuluka m'khola.

Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, ndipo ya mu mzinda wa Tete si ya ku Angonia. Imene ili pano ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke. Mlimi aikepo mitengo ya kusitolo kwawo.

Anapiye 100 pa 60 MT mmodzi ndi 6,000 MT. Nkhuku imodzi imadya makilogalamu atatu kapena atatu ndi theka kufika tsiku la 35, ndiye kuti pakufunika matumba asanu ndi awiri a makilogalamu 50: awiri a rasau ya anapiye yotchedwa A1, asanu a yokulitsa yotchedwa A2. Thumba likakhala pa 2,500 MT, chakudya chokha chatenga 17,500 MT. Katemera ndi mavitamini, makala otenthetsera anapiye, utuchi woyala pansi ndi galimoto yonyamula matumba tiziike pa 3,500 MT. Zonse pamodzi ndi 27,000 MT, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalamayi alowa m'mimba mwa nkhuku.

Ngakhale posamala bwino, anapiye ena amafa ndithu. Akafa asanu, zotsala ndi 95, ndipo iliyonse yadya 284 MT. Zikagulitsidwa pa 350 MT, palowa 33,250 MT, phindu n'kukhala 6,250 MT. Apa sitinawerengere khola, zodyera ndi zomwera. Nkhuku 100 zimafuna malo osachepera masikweya mita 10, kotero khola la mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali ndi lokwana. Nthawi zambiri phindu la gulu loyamba limathera pobweza za kholazi, ndipo ndalama yeniyeni imayamba kuoneka pa gulu lachiwiri kapena lachitatu.

Tsopano taonani chimene chimachitika tsiku la 35 likadutsa. Nkhuku ya msinkhu umenewu imadya magalamu pafupifupi 180 patsiku. Zikakhala 95, thumba limodzi limatha m'masiku atatu, kutanthauza kuti tsiku lililonse khola likudya ndalama zoposa 800 MT. Pamsika wa kumudzi wogula amakweza nkhuku ndi dzanja n'kutchula mtengo umene anazolowera. Salipira zoonjezera chifukwa choti nkhukuyo yadya mlungu wina. Phindu la 6,250 MT lija limatha m'masiku asanu ndi atatu okha. Alimi ambiri amene amati frangu alibe phindu sanalephere kuweta ayi, anangoyamba kufuna ogula nkhuku zitakula kale.

N'chifukwa chake msika uyenera kupezeka anapiye asanabwere. Mlimi alankhule ndi eni malo odyera, ootcha nyama m'mbali mwa msewu, ogulitsa pamsika ndi ogwira ntchito zapamwezi, adziwe kuti aliyense angatenge zingati pa mlungu. Ngati onse pamodzi akufika pa 50, ndi bwino kuyamba ndi anapiye 50, osati 100. Tsiku logulitsa liwerengedwe chobwerera m'mbuyo: nkhuku za Khirisimasi zimalowa m'khola chapakati pa Novembala, ndipo ndi nzeru kuti tsiku la 35 ligwere kumapeto kwa mwezi, pamene anthu alandira malipiro. Ngongole ndi msampha wina. Nkhuku yotengedwa pa "ndidzalipira Loweruka" yatuluka m'khola, koma siinagule thumba la rasau lodyetsera zotsala.

Amene ali pafupi ndi malire, monga ku Kalomwe kapena ku Zobwe, amakopeka ndi mitengo ya mbali ya Malawi. Mtengo wa kwacha usinthidwe kukhala metikali pa kasinthidwe ka tsiku lomwelo musanayerekeze, chifukwa phindu lochepa chonchi likhoza kuthera mwa wosintha ndalama. Komanso kuolotsa anapiye kapena nkhuku zamoyo kumafuna chilolezo cha azaumoyo wa ziweto.

Imfa zambiri zimachitika m'masiku khumi oyambirira, ndipo kumtunda kwa Angonia ndi Tsangano chachikulu ndi kuzizira, makamaka mu Juni ndi Julayi. Mlungu woyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 34. Wopanda choyezera ayang'ane anapiyewo. Akaunjikana pafupi ndi mbaula n'kumalira, akuzizidwa, ndipo apansi amafa popsinjidwa. Akathawira kumakoma atayasamula milomo, kwatentha kwambiri. Akabalalika, ena akudya ena akugona, zili bwino. Makala ayakire panja kaye, alowe atafiira, ndipo pakhale potulukira mpweya, pakuti mpweya wa makala m'chipinda chotsekedwa umapha anapiye ndi mwini wake yemwe. Mbaula ikazima cha m'ma 3 koloko usiku, m'mawa muli maliro m'khola. Milungu iwiri yoyambirira munthu sagona tulo tosadzuka.

Matenda oopsa kwambiri ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Nkhuku zimazyolika, kupuma movutika, kutsekula zobiriwira, zina kupindika khosi. Chilibe mankhwala, ndipo chikhoza kumaliza khola m'masiku ochepa. Ambiri amatemera chitopa pa tsiku la 7 n'kubwereza cha pa tsiku la 21, ndipo katemera wa gumboro amapereka cha pa tsiku la 14, koma mlimi atsate ndondomeko ya wogulitsa anapiye kapena ya mlangizi wa ku SDAE. Katemera amaonongeka ndi kutentha, choncho anyamulidwe m'chotengera chozizira, asungunulidwe m'madzi opanda klorini, ndipo nkhuku zimwe m'maola awiri. Kuzichotsera madzi kwa ola limodzi zisanapatsidwe kumathandiza kuti zonse zimwe. Nkhuku zachikuda za pakhomo zisayandikire khola, ndipo wogula amene wachokera kumsika wa nkhuku aime panja, mwini amutulutsire.

Utuchi wonyowa umabweretsa matenda otsekula magazi. Chizindikiro ndi zitosi zofiira ndi nkhuku zonyankhalala nthenga, kawirikawiri kuyambira mlungu wachitatu. Awa ali ndi mankhwala, koma papaketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira nkhuku isanadyedwe, ndipo masiku amenewo ndi rasau inanso. Kuchotsa utuchi wonyowa pansi pa zomwera tsiku ndi tsiku n'kotchipa kuposa pamenepo.

Ndalama ikachepa pa mlungu wachinayi, ena amasakaniza rasau ndi gaga wambiri. Nkhuku zimakhuta koma sizikula, tsiku logulitsa n'kusunthira kutsogolo. Ndi bwino ndalama ya matumba onse ikhalepo anapiye asanagulidwe.

Gulu likatha, utuchi wonse utuluke (ndi manyowa abwino a kudimba, ndipo amagulika), khola litsukidwe, lithiridwe mankhwala ophera tizilombo, lipume milungu iwiri. Choncho gulu limodzi limatenga milungu isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo khola limodzi likhoza kutulutsa magulu asanu ndi limodzi pachaka.