Kiriyetini, madzi ndi kukokana kwa minofu m'nyengo yotentha

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Katuli m'boma la Mangochi amakhala kalikiliki kusosa, kuumba njerwa ndi kukonza misewu, ambiri amavutika ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo, m'manja ndi pamimba. Pali chikhulupiriro chakuti kiriyetini, ufa umene anyamata onyamula zitsulo amamwa, ndi umene umaumitsa thupi ndi kuyambitsa vutoli. Kafukufuku sanatsimikize zimenezi. Gwero lenileni ndi kutopa kwa minofu pamodzi ndi kutayika kwa madzi ndi mchere m'thukuta.

Kodi kiriyetini ndi chiyani?

Kiriyetini si chinthu chachilendo m'thupi. Impso ndi chiwindi zimapanga pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo winanso amachokera m'nyama ndi m'nsomba. Amasungidwa m'minofu, mmene amathandiza pa ntchito yofuna mphamvu zambiri m'kanthawi kochepa, monga kukweza thumba la simenti. Wa ufa amagulitsidwa m'masitolo a m'mizinda, kuphatikizapo ku South Africa kumene achinyamata ambiri a ku Mangochi amakagwira ntchito. Mlingo wake ndi magalamu 3 mpaka 5 patsiku.

Ufawu umakokera madzi m'kati mwa minofu, kotero kuti munthu amene wayamba ndi mlingo waukulu angathe kuwonjezera kilogalamu imodzi kapena awiri m'sabata yoyamba. Mantha anakula mu 1997 pamene ophunzira atatu ochita masewera ogwetsana anamwalira ku America, ndipo ena analoza chala kiriyetini. Koma lipoti la bungwe la CDC la mu 1998 linasonyeza kuti anyamatawo ankadzimana madzi ndi chakudya uku akuchita masewera m'malo otentha pofuna kutsitsa sikelo msanga. Mu 2009 akatswiri anaunikanso kafukufuku wosiyanasiyana ndipo sanapeze umboni wakuti kiriyetini, pa mlingo woyenera, amasokoneza madzi m'thupi kapena kulilepheretsa kudziziziritsa. Komabe ufawu sulowa m'malo mwa madzi, mchere ndi mpumulo.

Mmene madzi amatayikira

Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa angathe kutuluka thukuta lokwana lita imodzi pa ola, ndipo lita iliyonse imapita ndi mchere wa magalamu pafupifupi 2 kapena 3. Mwachitsanzo, woumba njerwa wolemera makilogalamu 60 amene wagwira ntchito maola 5 wataya malita 5. Ngati wamwa malita 3 okha, thupi lake lapereweredwa malita 2, ndiye kuti lapepuka ndi makilogalamu 2. Kwa munthu wotere, kupepuka kopitirira kilogalamu imodzi ndi chizindikiro chakuti madzi achepa ndipo mphamvu ziyamba kutsika. Watayanso mchere wosachepera magalamu 10, umene madzi okha sangabwezeretse. Kaya amamwa kiriyetini kaya samwa, chiwerengerochi sichisintha kwenikweni.

Zoyenera kutsata oyang'anira ntchito

Malangizo a zaumoyo wa pantchito amati wogwira ntchito m'malo otentha azimwa kapu imodzi ya madzi, pafupifupi mamililita 250, pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu. Asapitirire lita imodzi ndi theka pa ola, pakuti madzi ochuluka kwambiri amachepetsa mchere m'magazi, zimenenso ndi zoopsa. Nsima ya ndiwo zothira mchere imabwezeretsa mchere wambiri wotayikawo. Ntchito yolemetsa iyambe m'mamawa, ndipo wolembedwa kumene azolowere pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena awiri. Asilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadani amafunika ntchito yopepukirapo masana, ndi madzi okwanira usiku ndi pa daku.

Mnofu ukakokana, munthu asiye ntchito, akhale pamthunzi, auwongole pang'onopang'ono ndi kuusisita. Amwe Thanzi wosungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ngati Thanzi palibe, asakanize masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi.

Zizindikiro zoopsa

Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri umasonyeza kuti madzi achepa. Koma mkodzo wofanana ndi tiyi wopanda mkaka, pamodzi ndi ululu waukulu wa minofu, ungatanthauze kuti minofu yawonongeka ndipo impso zili pachiopsezo. Wotere, komanso amene kukokana sikunasiye patatha ola limodzi, apite kuchipatala cha Katuli kapena china chapafupi. Wobwebweta, wodzandira kapena wokomoka athiridwe madzi ozizira thupi lonse ndi kukupizidwa nthawi yomweyo, uku galimoto ikufunidwa.

Odwala impso asamwe kiriyetini popanda uphungu wa dokotala. Aliyense womwa ufawu adziwitse achipatala asanayezedwe magazi, chifukwa umatha kukweza chiwerengero chimene amayezera ntchito ya impso ngakhale impsozo zili bwino.