Indekisi m'detabesi: mitundu iwiri ndi mtengo wake

Indekisi imathandiza detabesi kupeza mzere popanda kuwerenga tebulo lonse. Ya mtundu wa `CLUSTERED` ndi tebulo lenilenilo, mizere yake itasanjidwa motsatira kiyi, n'chifukwa chake imakhala imodzi yokha pa tebulo. Ya `NONCLUSTERED` ndi mndandanda wapadera wolozera ku mizereyo, ndipo ingathe kukhalapo yambiri.

Titenge chipatala cha ku Liwonde kapena ku Balaka chomwe chikusunga za odwala mu OpenMRS pa MySQL. Sikelo ya wodwala kapena zotsatira za magazi zimalowa ngati mzere watsopano mu tebulo la `obs`. Mu InnoDB, kiyi yaikulu, `obs_id`, ndiyo imasanja tebulo. Popeza nambalayi imangokwera, mzere watsopano umakakhala kumapeto mosavuta. Koma indekisi ya `person_id` imasunga `obs_id` osati mzere wonse, choncho kufufuza wodwala kumayenda kawiri: mu indekisi, kenako mu tebulo.

Mtengo umaonekera polemba. Tebulo likakhala ndi maindekisi apadera khumi, `INSERT` imodzi imalemba malo 11. Odwala sabwera motsatira nambala zawo, ndiye zolembazo zimagwera pakati pa masamba odzaza kale, masambawo n'kumagawika. Chizindikiro chake n'chakuti kusunga kumachedwa pomwe kufufuza kukuthamanga bwinobwino.

Maindekisi ongokhala osagwiritsidwa ntchito amangowonjezera mtengowu, ndipo amapezeka motere:

```sql
SELECT * FROM sys.schema_unused_indexes;
```

Chiwerengero cha kagwiritsidwe ntchito ka maindekisi chimayambiranso seva ikazima, monga magetsi akathima, choncho musachotse indekisi malipoti a miyezi itatu asanadutse.